Zolemba za Mumtima: Tizisunge Kapena Tizifalitse?

M'nyumba zambiri za Akristu muno mu Lusaka muli kabuku kamene sikakhala poyera. Kamagona pansi pa zobvala m'sutukesi, kapena pakati pa masamba a buku la mapemphero. M'menemo munthu amalembamo zimene anasinkhasinkha pa m'bindikiro, madandaulo a usiku wa maliro, ndi mau amene analephera kuuza mwamuna wake, mkazi wake kapena mwana wake. Tsiku limafika pamene wina amawerengako tsamba limodzi, misozi nilengeza m'maso, ndipo amati: "Izi n'zosayenera kubisa, zitumizeni kwa mkonzi kuti zithandize ena." Mwezi uno tifuna kuona m'mene munthu angayankhire pempho lotere. Yankho lake silapafupi, pakuti mau akasindikizidwa ali ngati madzi: akatayika saoleka.

Tiyambe ndi anthu atatu odziwika mu Eklezia, amene zolemba zao zinafika m'manja mwa anthu kudzera njira zitatu zosiyana.

Woyamba ndi wathu wa kuno. Bambo Adam Kozlowiecki, wansembe wa cipani ca Ajezwiti, anagwidwa ndi asilikali a Hitler ku Krakow, m'dziko la Poland, mu Novembala 1939. Anatsekeredwa ku Auschwitz, kenaka ku Dachau, kufikira pamene anamasulidwa pa 29 Epulo 1945. Mu 1946 anabwera kuno nagwira nchito ku Kasisi, ndipo mu 1959 anakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. Zimene anakumbukira za ukaidi wake zinasindikizidwa m'Cipolishi ku Krakow mu 1967, iye akali pa mpando muno mu Lusaka, patapita zaka 22 cimasulidwire. Zinali za mumtima ndithu: njala, mantha, kumenyedwa, ndi nkhondo ya munthu wofuna kukhululukira omuzunza. Koma sizinali zake yekha. Mwa ansembe 1,780 a ku Poland amene anatsekeredwa ku Dachau, 868 anafera komweko, ndipo akufa sangadzicitire umboni. Pamene colembedwa ciri umboni wa coipa cacikulu cocitidwa kwa anthu ambiri, kucisunga m'bokosi kumathandiza wolakwa. Apa mwini zolemba anali moyo, ndipo bukulo linaturuka ndi dzina lake.

Waciwiri ndi Tereza Woyera wa Mwana Yesu. Iye analemba mbiri ya mtima wake pomvera akulu ake m'nyumba ya asisitere ku Lisieux, kuyambira mu 1895. Ali pafupi kumwalira mu 1897, anapatsa mkulu wake Paulina, amenenso anali sisitere, ufulu wakuti acotse kapena kuonjezera monga aonera. Caka cotsatira, mu 1898, anasindikiza mabuku 2,000. Paulina anasintha malo ambirimbiri, kotero kuti anthu anadzaona zolemba zenizeni za dzanja la Tereza mu 1956. Apa cilolezo cinalipo, komabe kwa zaka 58 dziko linawerenga mau osefedwa ndi munthu wina. Wopereka zolemba zake kwa mkonzi adziwe kuti wapereka ndi mpeni womwe.

Wacitatu ndi Papa Yohane Paulo Waciwiri, amene ambiri a ife tinamuona ndi maso pamene anaceza m'Zambia kuyambira pa 2 kufikira pa 4 Meyi 1989. M'kalata yake ya masiye, imene anayamba kulemba mu Marici 1979, analamula kuti zolemba zake za mseri zidzatenthedwe, ndipo nchitoyo anaisiyira mlembi wake, Bambo Stanislaw Dziwisz. Papa anamwalira pa 2 Epulo 2005, koma mabuku ake a m'bindikiro, olembedwa kuyambira 1962 kufikira 2003, sanatenthedwe. Mu Febuluwale 2014 Kadinala Dziwisz anawasindikiza ku Krakow, nafotokoza kuti sanalimbe mtima kuononga zinthu zoonetsa moyo wa pemphero wa munthu woyera. Akatolika a ku Poland anagawikana. Ena anayamika, ena anati cifuniro ca womwalira sicithyoledwa, ngakhale ndi colinga cabwino. Ife sitiweruza mlandu umenewu, koma titolapo mfundo imodzi yosakanika: ngati lamulo la Papa weniweni silinatsatidwe ndi munthu amene anamutumikira zaka pafupifupi 40, ndani wa ife angatsimikize kuti ana ake adzatentha kabuku kake?

Nkhani zitatuzi zitipatsa mafunso atatu. Kodi m'colembedwaci muli ndani kupatula ine? Kodi wowerenga wosandidziwa adzapatapo ciani cimene sakanacipeza popanda cinsinsi canga? Kodi eni nkhani abvomera? Mafunso otere amamveka bwino tikawayesa pa citsanzo, cotero tiyerekeze nkhani yonga zimene zimacitika m'maparishi athu.

Tinene kuti mai wina wa ku Kabwata anataya mwamuna wake. M'nyengo ya Lenti yotsatira analemba masamba khumi ndi awiri, usiku ndi usiku, ana atagona. Tsopano caka catha, banja likukonza Misa ya cikumbutso ndi kuika mwala pa manda. Mwana wake wamkazi wokwatiwa ku Chelstone wawerenga masambawo, ndipo akufuna kuti asindikizidwe m'kabuku ka mwambowo, kenaka atumizidwe ku magazini. Amai a mu mphakati nawonso akuti zidzatonthoza amasiye ena. Onsewa akunena ndi mtima wabwino. Komabe asanayankhe, maiyu atenge pensulo, awerenge tsamba ndi tsamba, ndipo pambali pa ndime iriyonse alembe dzina la munthu amene ndimeyo ikumukhudza.

Masamba anai oyamba akunena za iye mwini: m'mene anakwiyira Mulungu, m'mene analekera kugwira korona kwa miyezi itatu, ndi m'mene pemphero linabwerera pang'onopang'ono, tsiku lina akucapa malaya a malemu. Pambali pa ndime zimenezi pali dzina limodzi lokha, lake. Izi ndi zake, ndipo angacite nazo cimene afuna. Ndizonso zimene wamasiye wa ku Matero kapena ku Chipata, amene sadzakumana naye konse, angapezemo mphamvu. Cotsala n'cakuti adzifunse ngati adzapirira pamene munthu wa pa msika adzamuimitsa ndi kumufunsa za miyezi itatu ija, pakuti zimenezo zidzacitika.

Masamba awiri otsatira akuchula matenda amene anapha mwamunayo, ndi m'mene anawatengera. Apa maina acuruka: malemu amene sangadziyankhire, mai mwini amene anthu adzayamba kumuyang'ana ndi diso lina, ndi mwana wotsiriza amene akali pa sukulu. Katekisimu wa Eklezia Katolika, m'ndime 2477, amasiyanitsa macimo awiri: kunamizira munthu, ndi kuulula zolakwa zake zoona kwa anthu osazidziwa popanda cifukwa cokwanira. Ambiri timaganiza kuti cinthu cikakhala coona ndiye kuti tiri ndi ufulu wocinena. Si tero. Lamulo 220 la Malamulo a Eklezia limaletsa kuononga mbiri yabwino ya munthu, ndiponso kulowerera za mseri zake. Ngakhale boma la Zambia, m'lamulo la 2021 loteteza mbiri za anthu, linaika za umoyo wa munthu pakati pa zinthu zofunika kusamalidwa koposa. Alipo anthu olimba mtima amene anaulula matenda ao poyera nathandiza ambiri, monga anacitira Dr Kenneth Kaunda mu 1987 pouza dziko cimene cinapha mwana wake. Koma cimeneco cimakhala cosankha ca banja, coganiziridwa bwino, osati cinthu cotulukira mwangozi m'kabuku ka pa manda.

Masamba ena atatu akusimba za mlamu wa ku Woodlands amene anabwera ndi galimoto maliro atangotha, natenga firiji, mipando ndi makalata a nyumba. Mtima wa aliyense wowerenga udzaima ndi wamasiye. Komabe tifunse: kodi kusindikiza kudzabweza firijiyo? Dziko lathu liri ndi lamulo la 1989 la cuma ca munthu womwalira wosasiya kalata ya masiye. Mwa magawo 100, limapatsa mkazi kapena mwamuna wotsala 20, ana 50, makolo 20, ndi ena odalira malemu 10. Malo a mlandu wotere ndi bwalo la banja, ndipo zikakanika, khoti. Ukalembedwa m'magazini, mlamuyo angathe kusumira wolemba pamodzi ndi wosindikiza kuti amuipitsira mbiri, ndipo maiyo adzayenera kutsimikiza mau ake ndi umboni, pomwe makalata a nyumba ali m'manja mwa mlamu yemweyo. Cinanso, ana a malemu adzafuna abale a atate ao pa ukwati ndi pa maliro. Mkangano wa pakamwa ankhoswe amauthetsa, koma wa papepala umasungidwa m'mabokosi a mabanja awiri.

Wina adzati, "Tingosintha maina." Apa ndi pamene ambiri amagwa. Lusaka ndi mzinda waukulu, koma parishi ndi mudzi. Tikalemba kuti mlamu wogwira nchito ku banki, wokhala ku Woodlands, anabwera ndi galimoto yoyera, tamuchula kale ngakhale tamupatsa dzina lina. Njira yoyesera ndi iyi: patsani colembedwaco munthu mmodzi wosunga pakamwa wa mu mphakati mwanu, mumufunse kuti akuganiza kuti akunenedwayo ndani. Akalasa, dziwani kuti simunabise kanthu. Kuti munthu abisike pamafunika kucotsa nchito yake, dera lake, ubale wake ndi nthawi ya cocitikaco. Zonsezi zikacoka, kawirikawiri timapeza kuti ndimeyo yatsala yopanda mcere, ndipo cimeneco cimatiululira kuti mphamvu yake inali m'kuloza munthu cala.

Tsamba lina likubwereza mau amene wansembe anamuuza m'Sakramenti la Kulapa, mau amene anamupweteka. Wolapa samangidwa ndi cinsinsi ca kulapa, ndipo angathe kunena za kulapa kwake. Koma wansembe ndi womangidwa kotheratu, monga likunenera lamulo 983. Sangabvomere, sangakane, sangafotokoze cimene cinanenedwa mau aja asanaturuke. Kusindikiza mau a munthu amene pakamwa pake ndi pomangidwa si cilungamo. Ngati pali dandaulo lenileni, njira yake ndi kupita kwa Ambuye Episkopi kapena kwa mkulu wa wansembeyo.

Masamba awiri otsiriza akunena za mwana wamkazi amene anatenga pathupi ali pa sukulu atate ake akudwala. Maiyo analemba mwacikondi, poyamika Mulungu cifukwa ca mdzukulu. Koma nkhaniyo ndi ya mtsikanayo, ndiponso ya mdzukulu amene tsiku lina adzadziwa kuwerenga. Mtsikanayo afunsidwe payekha, osati pamaso pa banja lonse, pakuti pa gulu mwana amabvomera cifukwa ca ulemu. Akangozengereza, limenelo ndilo yankho. Mwana wamng'ono sangapereke cilolezo ceniceni, cotero za iye tizisiye kufikira atakula.

Tikawerengera, mwa masamba khumi ndi awiri atsala anai. Si kutaya kumeneku. Anai amenewo ndiwo anali ndi cakudya ca wowerenga kuyambira paciyambi. Asanu ndi atatu enawo anagwira kale nchito yao usiku umene analembedwa, pakuti anapepuza mtima wa wolemba. Colembedwa cingakhale cabwino koposa, koma nchito yake nikhala itathera m'cipinda.

Palinso cinthu cimene sicioneka papepala, ndico colinga ca mtima. Mtima umadziwa kubvala zoyera. Timati tikufuna kuthandiza ena, pomwe pansi pake tikufuna kuti wina wake amve kuwawa. Cizindikiro cake n'cosabvuta kuciona. Poganiza za tsiku limene magazini idzaturuke, kodi mukuona nkhope ya ndani? Ngati mukuona wamasiye wosamudziwa akuwerenga ndi kupuma, colinga ciri bwino. Ngati mukuona mlamu uja akuwerenga ndi kugwetsa nkhope, ndiye kuti mwalemba kalata ya munthu mmodzi, ndipo iyenera kupita kwa iye yekha kapena kusapita konse. Cizindikiro cina ndi cangu. Colembedwa cimene cikukukakamizani kuti cituruke sabata lomwe lino cimakhala cikali ndi moto. Cisungeni kufikira nyengo ina ya Eklezia itadutsa, mwacitsanzo kucokera pa Lenti kufikira pa Adiventi, ndipo muciwerengenso mokweza mau. Ndime zimene mudzacita nazo manyazi ndi zomwezo zimene mukanalira nazo zitasindikizidwa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tisaganizenso kuti njira ndi ziwiri zokha, bokosi kapena makina osindikizira. Pakati pake pali makwerero. Munthu angawerengere bwenzi limodzi kapena mlangizi wa moyo wauzimu. Angawerenge mokweza mu mphakati osasiya pepala m'manja mwa wina aliyense. Angalembere ana ake, aliyense kalata yake. Pa sitepe iriyonse amaona m'mene mau ake akugwera, ndipo angathe kuima. Koma pali sitepe imodzi imene imaoneka yaing'ono pomwe ndi yaikulu kuposa zonse: kujambula tsamba ndi foni ndi kulitumiza kwa anthu asanu. Cimeneco ndi kufalitsa kale, kopanda mkonzi, kopanda wokonza zolakwa, ndipo madzulo omwewo lingakhale litafika ku Kabulonga, ku Ndola ndi ku Johannesburg.

Amene waganiza bwino nasankha kutumiza kwa mkonzi asamale zinthu zingapo. Atumize colembedwa cokoperedwa, kabuku keniko katsale kunyumba. Ngati afuna dzina lobisika anene, koma mkonzi yekha ayenera kudziwa dzina lenileni ndi kumene wolemba akhala. Apemphe kuona colembedwaco cisanapite ku makina, pakuti mkonzi amafupikitsa ndi kuika mutu wake, ndipo mutu wa mau asanu ungasandutse kusinkhasinkha kukhala mlandu. Adziwe kuti mwa lamulo la 1994 la umwini wa zolemba, colembedwa ndi ca wolemba moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira, motero munthu wina, ngakhale mbale, sangacisindikize popanda cilolezo ca mwini kapena ca olowa m'malo mwake. Ngati ndi kabuku konena za cipembedzo kapena makhalidwe kamene kadzagulitsidwa kapena kugawidwa m'chalichi, lamulo 827 likufuna cilolezo ca akulu a Eklezia. Ndipo lamulo la dziko limafuna kuti wosindikiza buku m'Zambia apereke limodzi ku nyumba yosungira mbiri za dziko muno mu Lusaka. Cosindikizidwa cimakhala ndi moyo wautali kuposa mkwiyo umene unacibala.

Pali cinthu cimodzi cimene sicilowa m'uphungu wa kudikira. Ngati m'kabukumo mwalembedwa za mwana amene akugwiriridwa, kapena za munthu amene akumenyedwa m'nyumba, nkhaniyo si ya m'bokosi, ndiponso si ya mkonzi. Ipite lero lomwe ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, kapena kwa munthu amene ali ndi mphamvu yoteteza. Katekisimu yemweyo, amene amatiphunzitsa kusunga zinsinsi, amanenanso m'ndime 2491 kuti cinsinsi cingaululidwe pamene kucisunga kungadzetse coipa cacikulu cimene sicingapewedwe mwa njira ina.

Tsono nanga ife amene tidzapeza kabuku ka amai kapena ka atate maliro atatha? Coyamba tifufuze ngati mwini anasiya mau. Ngati anati katenthedwe, mwambo wathu womwe umatiphunzitsa kuti mau a womwalira salumphidwa. Ngati sananene kanthu, kusanena sikutanthauza kubvomera. Kabukuko kawerengedwe ndi anthu awiri kapena atatu okhwima maganizo, aike maina pambali pa ndime monga tacitira pamwambapa, ndipo asaturutse kanthu kufikira ana onse a malemu atamvana. Mwana mmodzi wokhala ndi ndalama zosindikizira asalamulire abale ake.

Kwa ife amene tikali kulemba, nchito ndi ya lero. Titsegule kabuku kathu, ndipo pa tsamba loyamba tilembe ndi dzanja lathu, pamodzi ndi tsiku, cimene tifuna: kuti katenthedwe kosawerengedwa, kapena kuti kawerengedwe ndi ana okha, kapena kuti masamba akutiakuti angapatsidwe kwa ena. Tiuze anthu awiri, osati mmodzi. Ndipo ngati muli tsamba limene tikudziwa kuti lingagwetse nyumba ya mwana wathu ife titapita, tisasenzetse wina katundu amene anamulemera ngakhale mlembi wa Papa. Tsamba limenelo tiliwerenge komaliza pamaso pa Mulungu, amene anali woyamba kuliwerenga, ndipo tiliponye pa mbaula ndi dzanja lathu.